Kagawidwe ka chipinda chimodzi kuti mukhale pogona, pochezera ndi pophikira

Anthu ambiri akaganiza zogawa chipinda amayamba ndi kugula nsalu, kenaka n'kumafufuza poipachika. Ife timati nsalu ibwere pamapeto. Chimene chimalamula kagawidwe konse ndi mpweya ndi njira: kumene utsi ndi nthunzi zikutulukira, ndi kumene mapazi akudutsa kuchokera pakhomo. Mukapeza ziwirizi, katani, shelefu ndi kapeti zimangopeza zokha malo ake.

Kuti zimveke bwino, titenga chipinda chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Ndi cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3.5 kuchokera kukhoma lakutsogolo kufika lakumbuyo, ndipo siling'i ili pa masentimita 260. Chitseko cha masentimita 80 chili pakhoma lakutsogolo, pakona yakumanzere mukamalowa, ndipo chimatsekukira mkati. Zenera lilipo limodzi lokha, pakhoma lomwelo chakumanja. Chanu chikakhala chosiyana, manambala asintha koma kaganizidwe kake ndi komweko.

Choyamba: yezani, ndipo jambulani pansi ndi choko

Tengani tepi yoyezera, muyeze makoma onse anayi, osati awiri okha. Zipinda zambiri sizikhala zolingana mbali zonse, ndipo masentimita 5 amene munawanyozera ndi amene amadzakanitsa shelefu kulowa. Lembani pamene pali masoketi ndi maswichi. Tsekulani chitseko mpaka pamapeto, mujambule pansi njira yonse imene chimadutsa. Malo amenewo si anu, ndi a chitseko. Pasaikidwe kanthu.

Mukatero jambulani pansi penipeni kukula kwa bedi, tebulo lophikira, mpando ndi shelefu. Pepala limanamiza, chifukwa pa pepala chilichonse chimaoneka chokwana. Pansi mutha kuyenda pakati pa mizereyo mutanyamula beseni la madzi, n'kuona ngati zigongono zikugunda. Njira yodutsa munthu mmodzi isachepere masentimita 60, ndipo kutsogolo kwa sitovu musiye masentimita 90 kuti mutha kubwerera m'mbuyo mofulumira mafuta akathetheka. Khalani ndi mizereyo tsiku limodzi kapena awiri musanaboole khoma lililonse.

Chachiwiri: pophikira ndiye poyamba kusankha

Pophikira pakhale pafupi ndi zenera, ndipo pogona pakhale pakona yotalikirana napo kwambiri. M'chipinda chathu chija, tebulo lophikira likutsamira khoma lakumanja, kuyambira pakona yakutsogolo. Ndi la masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi, ndi 85 kapena 90 kuchokera pansi. Sitovu ikhale chapakati pa tebulolo, osati kunsi kwenikweni kwa zenera, chifukwa mphepo yolowa imapendeketsa lawi la gasi ndipo nthawi zina imalizimitsa gasi akadali kutuluka. Chimene tikufuna n'chakuti nthunzi ikangokwera ipeze potulukira pafupi isanayambe kuyendayenda m'chipinda. Ngati pazenerapo pali katani lalitali, lichotseni. Ikani lalifupi lolekezera m'munsi mwa zenera, ndipo pophika muzilimangira mbali yotalikirana ndi moto.

Pali chinthu chimodzi chimene sitichinyengerera. Makala asayake m'chipinda chogonamo anthu, kaya ndi ophikira kaya ndi owothera. Amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokisaidi, umene ulibe fungo kapena mtundu. Katani silingautchinge, ndipo zenera lotsekula pang'ono silikwanira kuuchotsa. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi mseru, ndipo amene ali m'tulo sadzuka n'komwe. Gasi ndi parafini nazonso zimafuna zenera lotsekula nthawi yonse imene zikuyaka. Lawi la gasi likhale lobiriwira ngati thambo. Likayamba kufiirira n'kumadetsa mapoto ndi mwaye, ndiye kuti gasi sakupsa bwino, sitovuyo ikonzedwe. Silinda iime chilili pamalo poonekera, osati m'kabati yotsekeka. Polumikizira paipi muzipakapo madzi a sopo nthawi ndi nthawi, ndipo pakatuluka thovu lofufuma dziwani kuti pakudontha.

Malire a pophikira asakhale a nsalu. Apa m'pamene timagwiritsa ntchito shelefu yaifupi, yotalika masentimita 90 kuchokera pansi, 60 m'litali ndi 30 m'lifupi. Iikeni kumapeto kwa tebulo, mutu wake utagunda khoma lakumanja, n'kutulukira m'chipinda ngati kampanda. Kutsogolo kwake kuyang'ane kophikira kuti mbale ndi mapoto zikhale pafupi, msana wake uyang'ane kochezera. Imabisa ziwiya kwa munthu wokhala pampando, imatchinga madontho a mafuta, koma siitseka kuwala kochokera pazenera. Pakati pa sitovu ndi thabwa la shelefuyo pakhale mpata wa masentimita 30 kapena kuposa.

Chachitatu: bedi ndi shelefu yaikulu

Bedi la anthu awiri nthawi zambiri limakhala la masentimita 137 m'lifupi ndi 190 m'litali. Yezani lanu, chifukwa matabwa a kumutu ndi kumiyendo amawonjezerapo. Liikeni pakona yakumbuyo kumanzere, litagona motsata khoma lakumbuyo, kumutu kutaloza khoma lakumanzere. Musaligundike kukhoma. Siyani mpata wa masentimita 5 kuti mpweya uzidutsa. M'chipinda chophikiramo, nthunzi imakakhala pakhoma lozizira, ndipo pamene matiresi agunda khoma m'pamene chuku chimayambira.

Bedi ndi kampata kaja zatenga masentimita 142 kuchokera kukhoma. Onjezani njira yotsikira ndi yovalira ya pafupifupi masentimita 60, mwafika pa mamita 2. Pamenepo m'pamene padzadutse katani. Kutsogolo kwatsala masentimita 150, ndipo chitseko chikutsekuka osakhudza nsalu.

Kumiyendo kwa bedi kukubwera shelefu yaikulu, imene ikhale khoma pakati pa pogona ndi pochezera. Timakonda mashelefu awiri a masentimita 90 m'litali, olumikizidwa ndi mabawuti, kusiyana ndi imodzi ya 180. Awiri amanyamulika posamuka, komanso matabwa ake sapindika msanga. Thabwa lokhuthala mamilimita 18 likapitirira masentimita 80 kapena 90 popanda chochirikiza pakati, limayamba kugwa mimba mukaikapo mabuku. M'lifupi mwake mukhale masentimita 35. Yochepera 30 imagwedezeka ikaima payokha, yopitirira 40 imadya malo ochezera. Msinkhu wake ukhale masentimita 150: munthu wokhala pampando saona bedi, koma kuwala ndi mpweya zimadutsa pamwamba.

Shelefu yoima pakati pa chipinda ilibe khoma kumsana kwake, choncho ingagwe mosavuta, makamaka mwana akaiyesa makwerero. Pali zinthu zitatu zoiletsa. Mutu wake wogunda khoma lakumbuyo umangidwe ndi mabulaketi awiri achitsulo opindika ngati L, ina pamwamba ina chapakati. Zolemera zonse zikhale m'matabwa awiri apansi, pamwamba pazikhala zopepuka zokhazokha. Ndipo kumsana kwake mukhomere thabwa lopyapyala la mamilimita 3 mpaka 6. Thabwa limeneli anthu amaliona ngati longobisa zinthu, koma ndi limene limaletsa shelefu kupendekera m'mbali. Ngati mukufuna kuwala kochuluka kubedi, khomani theka lapansi lokha, lapamwamba likhale lotseguka mbali zonse ziwiri. Mukamaliza, kankhani pakona yapamwamba yakutali ndi khoma ndi dzanja limodzi. Ikasuntha kuposa chala chimodzi, sinalimbe. Kawirikawiri vuto limakhala pansi posalingana, ndipo kachidutswa ka thabwa kolowetsa kunsi kwa mwendo wolendewera kamathetsa nkhaniyo.

Kutsogolo kwa shelefu kuyang'ane kochezera. Dziwiranitu kuti mpando udzatseka zipinda zapansi za mbali yoyandikira khoma, ndiye mmenemo muike zinthu zimene mumazifuna mwa apo ndi apo. Zovala musaziike poyera pa shelefuyi, chifukwa nsalu imayamwa fungo la zokazinga. Malo ake ndi m'mabokosi otsekeka kunsi kwa bedi kapena m'sutikesi kuseri kwa katani.

Chachinayi: waya wa katani

Apa m'pamene ntchito zambiri zimalephera, ndiye tichedwapo pang'ono.

Katani likufunika kuyambira kukhoma lakumanzere mpaka kumapeto kwa shelefu, masentimita 230. Kumapeto kumeneko kulibe khoma, choncho njira yosavuta ndiyo kudutsitsa waya kuchokera kukhoma lakumanzere mpaka lakumanja, mamita 4 onse, nsalu n'kungokhala mbali imodzi. Chingwe cha nayiloni kapena cha thonje chisiyeni. Chimatamuka, ndipo pakatha sabata katani limakhala likusesa pansi. Waya wopyapyala wokutidwa pulasitiki woyera, wa makatani apazenera uja, nayenso ndi wofewa ngati sipuling'i ndipo sangathe mtunda umenewu. Pezani waya wachitsulo wopota wa mamilimita 2 kapena 3, wotalika mamita 4.5 kuti mukhale ndi wopinda kumapeto. Mufunikanso mbedza ziwiri zokhala ndi diso lotsekeka, mapulagi apulasitiki olowetsa m'khoma, tomangira waya tinayi ta manati, ndi chokungira chimodzi, kachitsulo kaja kokhala ndi mbedza uku ndi uku kamene kamafupika mukamakapotokola.

Waya adutse pa masentimita 210 kuchokera pansi, osati kusiling'i. Mpata wa masentimita 50 wotsala pamwambawo ndiwo mphuno ya pogona panu. M'chipinda chathu chitseko ndi zenera zili khoma limodzi, bedi lili kumbuyo kumene mphepo siifikako, ndiye mukatseka mpaka pamwamba mudzagona motentha, ndipo m'mawa zofunda zidzakhala za chinyezi. Munthu woimirira saona pamwamba pa masentimita 210, choncho palibe chimene mwataya.

Yezani msinkhuwo kuchokera pansi mbali zonse ziwiri, kenaka kungani ulusi pakati pa zizindikirozo muone ngati wawongoka. Musaboole molunjika pamwamba kapena pambali pa soketi ndi swichi, chifukwa mawaya amagetsi amayenda mowongoka kuchokera pamenepo. Boolani panjerwa penipeni, osati pamatope olumikiza njerwa, amene amafumbutuka. Bowo lilingane ndi pulagi, mwachitsanzo mamilimita 8 pa pulagi ya 8, ndipo lilowe masentimita 5 kapena 6 kuti lipyole pulasitala. Uzirani fumbi lituluke musanalowetse pulagi. Pulagi ikalowa mongokankha ndi chala ndiye kuti bowo lakula, ndipo mbedza idzazuka. Yoyenera imafuna kugogoda pang'ono ndi hamala.

Masulani chokungira mpaka chitalike kotheratu, chikoleni kumbedza yakumanja, mangani waya mbali zonse ndi tomangira tiwiritiwiri, ndipo muyambe kupotokola. Mphete za katani muzilowetse waya asanamangidwe ngati ndi zotsekeka. Ambiri amaiwala, n'kumasulanso zonse.

Tsopano chenjezo limene ambiri salidziwa. Waya wautali sangawongoke kotheratu, ndipo mukamamukunga kuti awongoke, mphamvu yokoka mbedza imakwera kwambiri. Katani lolemera makilogalamu 2, litaunjikana pakati pa waya wa mamita 4 amene walendewera masentimita 5 okha, limakoka mbedza iliyonse ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 40. Mukakunga kuti alendewere theka la pamenepo, mphamvuyo imawirikiza kawiri. N'chifukwa chake mbedza zimazuka ndi chibuma cha pulasitala usiku wina popanda wozikhudza. Mankhwala ake si kukunga kwambiri, koma kuchirikiza pakati. Ikani mbedza yachitatu kumwamba, pamtanda wa denga kapena pathabwa logwira siling'i, molunjika pamene katani likuthera, mutsitse kawaya kogwira waya wamkuluyo. Musaikhome pabolodi la siling'i lokha, siligwira kanthu. Ngati kumwamba kulibe pogwira, mangirirani mtengo wowongoka kumutu wa shelefu, utalike kufika pa masentimita 210, ndi kamkono kotulukira kukagwira waya.

Chochirikiza chapakatichi chili ndi ntchito inanso yaikulu: chimaletsa mphete kupitirira. Popanda icho, tsiku lina wina adzakankha katani lonse kumanja, n'kukaliimika pafupi ndi sitovu. M'chipinda chathu nsalu ikuthera pa masentimita 230 ndipo tebulo lophikira likuyamba pa 350, mpata wa masentimita 120. Nsalu iliyonse yolendewera italikirane ndi moto mita imodzi kapena kuposa, ndipo poyeza muganizire pamene imafika mphepo ikaiulutsa, osati pamene imakhala itangoti zii. Tsekulani chitseko ndi zenera nthawi imodzi muone mmene ikuulukira.

Ngati mwininyumba salola kuboola khoma, pali ndodo zokhala ndi sipuling'i mkati zimene zimadzikanikiza pakati pa makoma awiri. Zimathandiza pampata waufupi ndi nsalu yopepuka, koma pa mamita 4 musaziyese. Pamenepo ndi bwino kupanga chimango cha mitengo iwiri yoimirira, wina womangirira kumwendo wa bedi wina kushelefu, ndi paipi yachitsulo ya mamilimita 25 pamwamba pake. Shelefu imene simungaimange kukhoma ikhale yaifupi, isapitirire masentimita 100 kapena 120.

Chachisanu: nsalu

Katani lolingana ndendende ndi mpata limaoneka ngati shiti yoyanika, ndipo limasiya mipata m'mbali. Chulukitsani mpatawo kamodzi ndi theka: masentimita 230 akhala 345. Ngati nsalu yanu ndi ya masentimita 115 m'lifupi, mufunika zidutswa zitatu. Kutalika kwa katani lomalizidwa ndi masentimita 210 kuchotsapo pafupifupi 4 a mphete ndi 2 a mpata wapansi, kutsala 204. Onjezani masentimita 10 opinda pamwamba ndi 10 pansi, mwafika pa 224, ndiye mudule pa 225. Zidutswa zitatu zikwana mamita 6.75. Gulani 7.5, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba. Ichapeni ndi kuisita musanadule. Amene amadumpha zimenezi amadzapeza katani lawo lakwera n'kumaonetsa miyendo ya bedi.

Lumikizani zidutswa ziwiri zikhale katani limodzi lalikulu, chachitatu chikhale pachokha ngati chitseko. Polowera pakhale chakumiyendo kwa bedi, kufupi ndi shelefu, osati moyang'anizana ndi khomo, kuti wina akatsekula chitseko chakunja mwadzidzidzi asaone mkati. Pokumana makatani awiriwo, lina lipitirire pa linzake masentimita 10. Mphete zitalikirane masentimita 15, zonse pamodzi zikwana 24 kapena 25. Pakati pa mapeto a shelefu ndi mzere wa katani patsala kampata ka masentimita 20. Pindirani m'mphepete mwa nsalu mkati, muikole pakambedza kokhoma pashelefu.

Posankha nsalu, iyeseni ndi tochi. Unikani kuseri kwake mutaikapo dzanja. Mukaona chithunzi cha zala bwinobwino, dziwani kuti usiku nyale ikayaka kubedi ndipo kochezera kuli mdima, aliyense adzaona chithunzithunzi cha munthu wovula. Yankho lake ndi nsalu yolukidwa mothinana kapena kuwonjezera ina yopyapyala kumbuyo. Komabe musathamangire yolemera kwambiri ngati bulangete: imalemetsa waya, imasunga fungo ndi fumbi, ndipo imachedwa kuuma. Mtundu wowala umakulitsa chipinda m'maso, pamene wakuda umachititsa mbali yakutsogolo kuoneka ngati kanjira. Ife timakonda thonje kuposa nsalu zopyapyala za pulasitiki, zimene zimasungunuka n'kudontha zikakhudza moto, ngakhale kuti thonje nalonso limayaka ndipo mtunda uja wa mita imodzi susintha.

Katani lisagunde pansi. Mpata wa masentimita 2 umalola tsache ndi chokolopera kudutsa, ndipo mpendero sunyowa. Likamauluka kwambiri, sokererani mawashala achitsulo angapo mumpendero wapansi, koma muziwachotsa pochapa kuti asasiye dzimbiri.

Tinene chilungamo pa zimene katani silingachite. Limatchinga maso basi. Phokoso limadutsa, fungo limadutsa. Masana, ngati mulibe alendo ndipo simukuphika, likankhireni kukhoma kuti bedi lipume ndi kuona kuwala. Pophika litsekeni, ndipo mulitsekulenso pakatha mphindi 20 kapena 30 moto utazima, zenera likadali lotsekula.

Chachisanu ndi chimodzi: kapeti

Pochezera patsala malo a masentimita 170 m'lifupi, pakati pa shelefu ndi khoma lakumanja, ndi mamita 2 kuchokera kukhoma lakumbuyo. Mpando wa anthu awiri wa masentimita 140 ukukwana utatsamira khoma lakumbuyo, ndi katebulo kakang'ono patsogolo. Kupatula shelefu yaifupi ija, mbali yakutsogolo ilibe chotchinga chilichonse, ndipo sikufunika. Kapeti ndiye amauza maso kuti malo ano ndi ena.

Ya masentimita 120 ndi 170 ikukwana bwino, mbali yaitali italoza kutsogolo, ndipo m'mbali mukutsala pansi poonekera masentimita 25 uku ndi uku. Mzere wa pansi poonekerawo ndi umene umapanga malire, ndiye musadzaze khoma mpaka khoma. Miyendo yakutsogolo ya mpando iponde pakapeti. Ikatero imaigwira kuti isayende, ndipo mpando ndi tebulo zimaoneka ngati za pamodzi. Kakapeti kakang'ono kongokhala kunsi kwa tebulo kokha sikagawa kanthu, kamangokhala chopunthwitsa.

Musanayale, yesani ngati pansi pali chinyontho. Dulani pulasitiki wa masentimita 50 mbali zonse, mumumate pansi ndi tepi kuzungulira konse, mumusiye masiku awiri. Mukamatula n'kupeza madontho kunsi kwake kapena simenti itada, ndiye kuti pansi pamatulutsa chinyontho. Pamalo otero kapeti yaubweya kapena yokhala ndi labala kunsi imanunkha ndi kuchita chuku m'masabata ochepa. Sankhani yolukidwa mopyapyala kapena mkeka umene mutha kuunyamula n'kukauyanika padzuwa sabata iliyonse. Pansi pakakhala pa matailosi kapena popolishidwa, ikani kansalu ka labala koletsa kuterera kunsi kwake, kocheperako masentimita awiri kapena atatu mbali zonse kuti kasaonekere. Kona ikayamba kupindikira m'mwamba, ipindireni mbali inayo, muitsendereze ndi chinthu cholemera usiku wonse.

Kubedi mutha kuyala kakapeti kakang'ono ka masentimita 50 ndi 120 mu kanjira kaja, kopondapo podzuka. Kophikira kusakhale kapeti konse. Mafuta amalowerera, madzi amatayikira, ndipo phazi likakodwa mutanyamula poto wowira ngozi yake ndi yaikulu. Njira yochokera pakhomo kupita kophikira nayonso ikhale yopanda kanthu, yongokolopa.

Kuwala ndi mawaya

Babu limodzi la pakati pa siling'i silikwaniranso mukagawa chipinda, chifukwa katani ndi shelefu zimaponya mthunzi. Ikani kanyale kakang'ono kumutu kwa bedi ndi kena pamwamba pa tebulo lophikira, kuti thupi lanu lisatchinge kuwala pamene mukudula ndi mpeni. Kandulo kapena nyale ya lawi isalowe kuseri kwa katani. Waya wowonjezera magetsi ayende motsata khoma, atagwidwa ndi timisomali take. Musamudutsitse kunsi kwa kapeti, chifukwa kupondedwa kumanyula chikopa chake pamalo amene simukuona, ndipo kutentha kwake kulibe kothawira. Sitovu yamagetsi ndi ketulo zilowe pasoketi yapakhoma mwachindunji, osati pa chowonjezera chimodzi ndi zinthu zina.

Zizindikiro za m'masabata oyamba

Chipinda chimakuuzani chokha pamene mwalakwitsa. Pilo akamanunkha zokazinga, ndiye kuti utsi ukupita kumbuyo m'malo motuluka. Yesani kutsekula chitseko pang'ono pamodzi ndi zenera pophika, kuti mpweya uzilowera kwina n'kutulukira kwina, ndipo muzivundikira mapoto. Galasi la zenera likamachita madontho m'mawa uliwonse, nthunzi ikugona m'chipinda. Sunthani bedi muyang'ane khoma: timadontho takuda kapena tobiriwira pakona yapansi ndi chuku chimene chayamba. Pukutani, umitsani, kulitsani mpata wa bedi kufika masentimita 10, ndipo muleke kuyanika zovala zonyowa mkati. Nyamulaninso matiresi muone kunsi kwake, chifukwa mabokosi akadzaza kunsi kwa bedi mpaka kugunda matabwa, matiresi sapuma.

Mphete zikayamba kutsetserekera zokha pakati, waya walendewera. Ndi zachibadwa kuti waya watsopano atamuke pang'ono sabata yoyamba, ndipo kupotokola chokungira kamodzi kapena kawiri kumakwanira. Koma musanapotokole yang'anani mbedza. Mukaona fumbi la pulasitala pansi pake, kapena kamng'alu kozungulira bowo, kapena pulagi itasuzumira kunja, musakungenso. Masulani waya, boolani bowo lina panjerwa yolimba pafupifupi masentimita 10 kuchokera pa lakalelo, ndipo mbedza ya mbali inayo muisunthe mofanana kuti waya asapendekeke.

Mukapeza kuti tsiku lililonse mukukankha mpando kapena katebulo kuti mudutse, musazolowere. Njira yachepa penapake. Bwererani ndi tepi, ndipo ngati masentimita 60 sakupezeka, chimene chiyenera kuchoka ndi katebulo ka pakati. Kachotseni, muike kampando kopepuka kamene kamalowa kunsi kwa tebulo lophikira mukamaliza kukagwiritsa ntchito.